Wakana kukandiveka mphete kunyanja: ndikulakwitsa kukwiya?

Tadala: Abale anga pagulu pano ndithandizeni maganizo. Ndili ndi zaka 24, ndimagulitsa kaunjika pa Ntcheu boma. Ndili pa chibwenzi ndi mnyamata wina zaka ziwiri tsopano, iye amapikula kachewere ku Tsangano n'kumatumiza ku Blantyre. Mwezi watha anandiuza kuti wawauza kale amalume ake za ine, ndipo akufuna adzaonekere kwathu mu Ogasiti. Ndinasangalala, koma ndinamupempha chinthu chimodzi, kuti asanapite kwa makolo anditengere kunyanja akandiveke mphete atagwada, pakhale wojambula, ngati mmene anachitira mnzanga amene ndinaphunzira naye. Vidiyo yake ili pa Facebook, aliyense akuiyamikira. Iye anangoti ndalama zonse zili mu mpamba, ndipo kugwada pagulu amachita nazo manyazi. Kuyambira tsiku limenelo masabata awiri atha sindikumuyankhula bwino. Komanso chiyambireni sanandiikepo pa sitetasi ngakhale kamodzi. Mumtima ndikumva ngati sandiona wamtengo wapatali. Kodi ndikulakwitsa?

Chifundo: Simukulakwitsa asisi. Mwamuna akakukonda ndalama sawerenga. Ndiye zaka ziwiri osakuikani pa sitetasi? Pamenepo pali amene akumubisira. Ine ndinaziona zimenezo, tsegulani maso.

Madalitso: Atsikana a masiku ano mwatipweteka ndi mafilimu anuwa. Boma lingotseka ma TikTok onsewa. Amayi athu anakwatiwa opanda mphete koma mabanja alipo mpaka lero.

Tadala: Achimwene Madalitso sindinafunse zotseka TikTok ine. Ndafunsa za mtima wanga.

Yamikani: Achemwali Tadala, ine ndimajambula zithunzi ndi mavidiyo kuno ku Dedza, chaka chino ndi chachisanu ndi chimodzi. Mavidiyo ovekana mphete amenewo ndi omwe amandidyetsa, ndiye ndiloleni ndikuuzeni mmene timawapangira. Za mnzanuyo sindinena, sindinalipo. Ndinena za amene ndajambula ndekha.

Choyamba, mkazi amene mumamuona atagwira pakamwa ngati wadzidzimuka uja, nthawi zambiri amakhala akudziwa kale. Ambiri amene amandiimbira foni kudzafunsa mtengo ndi akaziwo, ena mpaka ndalama yoyamba amanditumizira okha. Tangoganizani, munthu wodzidzimutsidwa angapezeke bwanji atamangitsa tsitsi dzulo lake, zikhadabo atapenta, diresi yake ikufanana mtundu ndi malaya a mwamuna? Chimenecho ndiye chizindikiro chosavuta. Mukaona zovala zikugwirizana, dziwani kuti anthuwo anakhala pansi n'kupangana.

Chachiwiri ndi nthawi. Vidiyo imene mumaonera masekondi 40 ine ndimaijambula maola atatu. Timadikira dzuwa lipendeke, cha m'ma 4 koloko kupita 5, chifukwa kuwala kwa nthawi imeneyo kumasalalitsa khungu. Mwamuna amagwada kanayi kapena kasanu. Koyamba ndimajambula patali, kenako ndimamuuza abwereze ndijambule nkhope ya mkazi, kenako abwerezenso ndijambule dzanja ndi mphete. Wina chaka chatha bondo linachita kumupweteka pa miyala ya m'phiri la Dedza, anayamba kukalipa, mkazi naye n'kukwiya kuti akumuchititsa manyazi. Anakhala mphindi makumi awiri osayankhulana, ine nditangoima ndi kamera. Atatha kukangana tinapitiriza. Zokanganazo ndinadula, mawu onse ndinachotsa n'kuikapo nyimbo. Anthu pansi pake analemba kuti Mulungu atipatsenso ife otere.

Zithunzi ndimajambula pafupifupi 300, ndimapereka 15. Maluwa ambiri ndi apulasitiki, omwewo ndawajambula m'manja mwa akazi osiyanasiyana. Galimoto imene amatsamira nthawi zina ndi ya munthu amene wangoimika pamalopo, timachita kupempha.

Chifundo: Ndiye mukuti onse amene amavekana mphete ndi achinyengo? Ayi achimwene, pamenepo mwanyanya.

Yamikani: Sindinatero asisi. Ena amakondanadi kwambiri, ndipo ndimasangalala kuwajambula. Amene anakangana m'phiri aja ali pa banja mpaka pano, ali ndi mwana. Chimene ndikunena n'chakuti vidiyo singakuuzeni kuti awa akukondana, awa ayi. Okondana ndi osakondana, ndikamaliza kukonza amaoneka chimodzimodzi, chifukwa ntchito yanga ndi imeneyo. Alipo awiri amene zithunzi zawo zikadali mu kompyuta yanga, sanamalize kulipira, chibwenzi chinatha chinkhoswe chisanachitike. Koma zitatu zimene ndinawatumizira poyamba zija zikadali pa Facebook, anthu akuzikondabe.

Mayi Nangozo: Mwanawe Tadala, ndisanayankhe ndikufunse kaye. Amalume akewo unawaonapo? Kwawo kwa mnyamatayo unapondako? Amayi ake amakudziwa dzina?

Tadala: Eya amayi. Kwawo ndapitako katatu, ndi kufupi ndi ku Tsangano komweko. Amayi ake amandiimbira foni okha. Maliro a agogo ake ndinakagona konko, ndinaphika nawo. Amalume ake tinakumana pa Lizulu tsiku la msika, anandipatsa moni ngati mpongozi.

Mayi Nangozo: Ndiye mvetsera. Ine ndakhala ndikulangiza maanja ku mpingo kwathu zaka zambiri, ndipo mwamuna wobisa mkazi ndimamudziwa. Wobisa sakutengera ku maliro a kwawo. Pa maliro pamakhala mudzi wonse, azakhali, alongo ake, ngakhale mkazi wina akanakhalapo akanabwera pomwepo kapena akanamva tsiku lomwelo. Sitetasi imafufutika pakatha maola 24, komanso ana anga anandionetsa kuti munthu angathe kusankha anthu oti aione, ena n'kuwabisira. Ndiye mnyamata wa akazi atatu akhoza kuika aliyense pa sitetasi tsiku lakelake, aliyense n'kumaona yekha. Koma sangatume amalume ake m'makomo atatu. Amalume akapita kwanu aika nkhope yawo, mawa zikavuta ndi iwo adzaitanidwe pa bwalo.

Chifundo sakunama kuti alipo amuna obisa. Alipo ambiri. Koma poyezera pake si pafoni ayi.

Chifundo: Amayi ndamva, koma ine wanga uja kwawo ankanditengeranso. Alongo ake ankanditchula alamu. Kumapeto ndinadzamva kuti ali ndi mkazi ndi ana awiri ku Joni, abale onse ankadziwa koma anangokhala chete chifukwa ankawatumizira ndalama. Akanandiika pa Facebook mkaziyo akanaona, ine ndikanadziwa msanga. Ndiye musamapeputse zoikana pa foni.

Mayi Nangozo: Pepa mwanawe, zimenezo n'zowawa, ndipo abale amenewo analakwa. Koma ndikufunse, ankhoswe anakumana? A kwanu anatuma munthu kukafufuza kumudzi kwawo, osati kwa abale ake okha koma kwa anthu oyandikana nawo ndi kwa amfumu?

Chifundo: Sizinafike pamenepo. Ankangoti chaka cha mawa.

Mayi Nangozo: Ndi pamenepo. Zoti chaka cha mawa, chaka cha mawa, ndiye chizindikiro. Wa Tadalayu watchula mwezi.

Aphunzitsi a ku Bembeke: Ndalowa mochedwa, ndinali ndi ana m'kalasi. Ine ndikufuna tiwerengetse, chifukwa mawu akuti kunyanja amamveka opepuka mpaka utalemba manambala. A Tadala, munafunsako mitengo? A Yamikani tithandizeni mbali yanu.

Yamikani: Ine kuti ndichoke ku Dedza, nditsike Golomoti mpaka kunyanja, ndijambule zithunzi ndi vidiyo n'kukonza, panopa sindingatsike pa K150,000. Okongoletsa malo, maluwa aja ndi zilembo zoimika pamchenga, amene ndimagwira nawo ntchito amatchula K100,000.

Tadala: Ndinafunsa ndithu. Galimoto ya hayala ndi mafuta anandiuza K250,000. Malo ogona usiku umodzi ndi chakudya K120,000. Mphete imene ndinaikonda K80,000. Diresi, tsitsi ndi malaya ake mwina K100,000.

Aphunzitsi a ku Bembeke: Zonse pamodzi ndi K800,000. Nanga mpamba wa mnyamatayo ukudziwa kuti ndi wochuluka bwanji?

Tadala: Anandiuza kuti ukuzungulira pa K900,000, ukakhala wonse.

Aphunzitsi a ku Bembeke: Ndiye taonani chimene munamupempha. M'mutu mwanu munapempha tsiku limodzi losangalala. M'makutu mwake anamva kuti atseke geni. Atsala ndi K100,000, imene singadzaze ngakhale ngodya ya lole, pamenenso miyezi ikubwerayi ndi yomwe iye amayembekezera kupezamo ya chinkhoswe. Tinene kuti sanakhudze mpamba, wakakongola ku banki mkhonde. Gulu la akazi anga chiwongoladzanja ndi K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Pa K800,000 ndiye kuti K160,000 mwezi uliwonse. Akachedwa miyezi itatu akungopereka chiwongoladzanja chokha, wataya K480,000 ngongole ikadali yonse. Za katapila ndiye sindinena n'komwe. Ngongole imeneyo mukanalowa nayo m'banja ndi inu amene, ndiwo zikanasowa pa mbale yanu.

Ine ndimawauza ana anga a Fomu 4 kuti ukasirira chinthu pa foni udzifunse mafunso awiri: zadya ndalama zingati, ndipo walipira ndani. Sikuti ndi nsanje. Mwina mwamuna wa mnzanuyo amalandira malipiro aakulu, K800,000 kwa iye ndi ya mwezi umodzi. Ngati ndi choncho iye wapereka mwezi umodzi, wanuyo mukumupempha zonse zimene ali nazo. Pachithunzi ziwirizi zingaoneke zofanana, koma kulemera kwake n'kosiyana kutalitali.

Tadala: Aphunzitsi mwandilasa. Manambalawa ndinali nawo koma sindinawaphatikizepo. Ndinkangoona mmodzimmodzi.

Madalitso: Mwaona? Ndimanena ine. Akazi ndalama basi.

Esnart: A Madalitso musatembenuze nkhani. Amuna nanunso mafoni akuonongani. Mwamuna wa mng'ono wanga amamuonetsa mkazi wake zithunzi za atsikana a pa TikTok, amvekere bwanji iwe sukhala chonchi, mkaziyo ali ndi mwana wa miyezi inayi kumsana. Mpaka mwana wa anthu anayamba kudzola mafuta oyeretsa khungu, pano masaya anapsa. A Yamikani auzeni ngati khungu limene lija limakhala lenileni.

Yamikani: Silikhala lenileni. Foni yokha ili ndi fyuluta yosalaza nkhope, kuchepetsa mphuno ndi chiuno. Mukafuna kudziwa, yang'anani kumbuyo kwa munthuyo. Chitseko kapena mzere wa njerwa ukapindika pafupi ndi chiuno, pamenepo akoka. Pa vidiyo yang'anani akatembenuka msanga kapena akadutsitsa dzanja kumaso, nkhope imasintha kamphindi. Komanso khungu la munthu limakhala ndi timabowo. Likaoneka ngati la chidole ndiye kuti lapakidwa ndi foni.

Gift: Ine ndiyankhepo za mafilimu, poti ndinayendetsapo vidiyo sho pa Lizulu zaka zinayi, masiku amene mafoni aakuluwa anali asanachuluke. Ndinkaonetsa za ku Nigeria, za Amwenye, ndi zija zomasuliridwa m'Chichewa. Filimu imodzi ndinkaionera mwina kakhumi, ndiye ndinayamba kuona mmene amazilukira.

Filimu ya chikondi imathera pamene banja likuyambira. Maola awiri onse ndi kuthamangitsana, makolo kukana, kulira pa mvula, kenako ukwati, basi malemba akukwera. Palibe amene angalipire pakhomo kuti aonere anthu awiri akukambirana za feteleza, kapena mwamuna akudikira pa benchi kuchipatala usiku wonse mwana atatentha thupi. Ndinayesapo kuonetsa ina yofatsa, ya banja lokhazikika, anyamata anatuluka n'kundiuza ndiwabwezere ndalama. Wopanga filimu amadziwa zimenezo. Ndiye chilichonse chimene chimachitika pang'onopang'ono amachotsa, amasiya chimene chimachitika kamodzi mwaphokoso. Vuto lake, chikondi cha mnyamata wa kachewereyo n'cha mtundu wochotsedwawo.

Komanso munayamba mwadzifunsa kuti mnyamata wa mufilimu amagwira ntchito nthawi yanji? Amati ndi mwini kampani, koma tsiku lonse ali pa geti la mtsikana ndi maluwa. Wa ku Tsangano akuyenera kudzuka 3 koloko m'bandakucha mu Juni, chisanu chili chomwecho, kukalimbirana matumba.

Esnart: A Gift mwaiwala china, chimene chinandipweteka ine. Nsanje. M'mafilimu a Amwenye amene tinkaonera kunyumba madzulo aliwonse, mwamuna akamukoka mkazi dzanja mwamphamvu, akamuletsa kuyankhula ndi amuna ena, nyimbo yokoma imayamba, ndiye kuti akumukonda. Mtsikana akakana, mnyamata amangomutsatira mpaka alole. Ine ndinakula ndikuganiza kuti chikondi ndi chimenecho. Nditapeza wanga woyamba, ankandilanda foni usiku uliwonse kuona mauthenga, ankandiimbira kakhumi ndikakhala ku msika, ndinkawauza anzanga monyadira kuti amandikonda mpaka misala. Panali mnyamata wina wofatsa amene anandifunsira, nditakana anangoti zikomo n'kupita, ine ndinati ameneyu sanali wotsimikiza. Wansanje uja anadzandimenya koyamba chifukwa ndinapereka moni kwa kondakitala. Ndinapirira zaka zitatu ndisanapite ku polisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa ija.

Ndiye Tadala mng'ono wanga, ine chimene ndingakufunse si mphete. Ukamukana chinthu amatani? Masabata awiri amene wakhala osamuyankhula bwinowa, wachita chiyani?

Tadala: Pepani asisi Esnart pa zimene munadutsamo. Iye sanakalipe. Amaimba madzulo aliwonse, ndikayankha mwachidule amangoti chabwino ugone bwino. Lachiwiri anatumiza mwana ndi thumba laling'ono la kachewere kwa amayi anga, ngati mmene amachitira nthawi zonse. Belo yanga itakhala yoipa mu Janyuwale anandibwereka K120,000 kuti ndiodenso, sanaitchulepo mpaka lero.

Esnart: Zimenezo uzilembe penapake, tsiku limene mtima ukuwawa uziwerenga.

Chifundo: Koma abale tisamupange mnyamatayu kukhala mngelo. Chabwino kunyanja kwadula. Nanga mphete ya K80,000 yokha? Nanga kumuika pa sitetasi kumadya ndalama zingati? Amuna ena amabisala kumbuyo kwa mawu akuti za m'mafilimu izo, pamene ndi kuumira chabe. Mkazi kufuna kukondweretsedwa si tchimo. Ngakhale agogo athu ankapatsidwa mikanda ndi chitenje.

Mayi Nangozo: Apa Chifundo wanena zoona, ndipo ndimafuna wina anene. Kale mnyamata ankapereka chikole, kanthu kooneka, kuti mtsikana ndi abale ake adziwe kuti watsimikiza. Bambo anu anandigulira chitenje ndi mpango pa msika wa Lizulu womwewo, ndipo nditavala mudzi wonse unadziwa. Ndiye mtima wofuna kuti anthu adziwe kuti ndine wosankhidwa sunabwere ndi foni. Chimene foni yasintha ndi anthu oonerera. Ife tinkaonetsa mudzi, anthu odziwa kuti mnyamatayo ali ndi mbuzi zingati, ndiye palibe ankayembekeza zoposa msinkhu wake. Inu mukuonetsa anthu osakudziwani, amene mawa aiwala, ndipo akukuyerekezani ndi ana a anthu olemera a ku Lilongwe ndi ku Lagos.

Tadala, iwe udzifunse wekha usiku uno. Atakutengera kunyanjako, n'kugwada, koma popanda wojambula, popanda aliyense wodzaona, ungakhutire? Ukayankha kuti eya, ndiye kuti ukufuna iyeyo akuonetse chikondi, ndipo zimenezo angathe kuchita pa mtengo wochepa, umuuze. Ukayankha kuti ayi, ndiye kuti ukufuna kuyankha mnzako uja, ndipo ngongole imeneyo si ya mnyamatayo.

Tadala: Amayi funso limeneli landivuta. Kunena zoona ndikuganiza kuti ndi zonse ziwiri. Mnzangayo kusukulu tinkapikisana pa chilichonse. Vidiyo yake ndaionera mwina kopitirira makumi awiri. Ndipo chiyambireni kuionera, foni yanga yangodzaza ndi zovekana mphete zokhazokha, ndikatsegula Facebook ndi zomwezo, TikTok ndi zomwezo. Mpaka ndinayamba kuona ngati mtsikana aliyense m'Malawi muno akuvekedwa mphete kunyanja kupatula ine.

Aphunzitsi a ku Bembeke: Zimenezo si mwangozi. Mapulogalamu amenewa amawerenga nthawi imene mwaima pa vidiyo. Mukaionera mpaka kumapeto, mukabwereza, mukatsegula ndemanga, amaona kuti apa ndiye pamene pakukugwirani, ndiye amakubweretserani zina zofanana nazo. Sadziwa kuti mukuonera mukusangalala kapena mtima ukuwawa, kwa iwo bola simunatseke. Mavidiyo makumi atatu ochokera m'mayiko asanu akabwera motsatizana, mutu umawerenga ngati ndi anthu a m'dera lanu.

Yesani izi. Tengani pepala, lembani atsikana khumi amene mumawadziwa maso ndi maso, a kumpingo, a pamsika, apachibale, amene akwatiwa zaka zitatu zapitazi. Pambali pa aliyense lembani ngati anavekedwa mphete kunyanja. Mutiuze.

Pafoniyo chitani izi. Pa TikTok dinikizani vidiyo osachotsa chala, musankhe Not interested, muchite choncho kwa masiku angapo pa iliyonse ya mtundu umenewo. Pa Facebook dinani timadontho titatu pamwamba pa zimene mnzanuyo waika, pali Snooze ya masiku 30, iye sadziwa ndipo ubwenzi sutha. Sitetasi ya pa WhatsApp nayo mukhoza kuibisa, dinikizani dzina lake musankhe Mute, mafoni ena amalemba Hide. Ndipo zithunzi zija zimayenda m'magulu, za galimoto yomangidwa riboni amati mnyamata wa ku Area 25 wagulira chibwenzi chake, muziziika pa Google Lens. Ine ndinayesa chimodzi, ndinachipeza pa masamba a ku West Africa, chinaikidwa kalekale. Nambala ya galimoto anali ataidula dala.

Tadala: Ndalemba. Pa khumi, wa kunyanja ndi mmodzi, mnzanga yemweyo. Awiri anavekedwa mphete pa chinkhoswe penipeni pamaso pa makolo. Enawo anangopanga chinkhoswe, mphete anadzavala ku tchalitchi, awiri alibe n'komwe.

Gift: Ndiye foni imakuuzani kuti onse, pepala likuti mmodzi.

Madalitso: Ine funso langa ndi lina. Kodi munthu ukamuveka mphete chonchija pa vidiyo, ndiye kuti mwalamulo ndi mkazi wako? Chibwenzi chikatha mpheteyo ungaitenge?

Aphunzitsi a ku Bembeke: Si mkazi wako ayi. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kumpingo, wa chikhalidwe chathu wodzera mwa ankhoswe, komanso wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali ngati banja khoti likatsimikiza. Kuvekana mphete pa mchenga ndi lonjezo chabe. Zolanda mphetezo mukafunse odziwa malamulo, koma apa tikuthandiza a Tadala.

Yamikani: Ndionjezere kamodzi, ngakhale ndikudzichotsera geni. Ngati chimene mukufuna ndi chithunzi chabwino cha inu awiri, sichifuna nyanja. Tsiku limene amalume akubwera kwanu, kapena pa chinkhoswe, itanani wojambula wa pa boma pomwepo kwa ola limodzi, cha kumadzulo. Kuseri kwa nyumba kuli mapiri a Ntcheu aja, anthu a m'tauni amachita kulipira mafuta kudzajambulitsa pamenepo. Mnyamata wamanyazi musamugwaditse, amauma thupi, chithunzi chimaoneka kuti wakakamizidwa. Mungokhala pansi muzicheza, wojambula wodziwa ntchito adikira pamene mwaseka.

Chifundo: Ine pa sitetasi pokha sindinagonje. Amuuze chifukwa chake.

Tadala: Ndabweranso abale. Dzulo madzulo anabwera pa benchi yanga tikutseka, ndinamupempha tikhale pansi. Ndinamuonetsa K800,000 ija nditalemba papepala, ndinapepesa kuti ndinamupempha mpamba wonse osazindikira. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati chimene chinamuwawa si ndalama, koma kuti iye atanena za amalume, chinthu chimene wakhala akuchikonzekera chaka chathunthu, ine ndinayankha za vidiyo ya munthu wina. Pamenepo ndinalira.

Koma ndinamuuzanso zimene asisi Chifundo ndi amayi Nangozo ananena, kuti ine ndikufuna kanthu kooneka kochokera kwa iye, ndipo sindichita nazo manyazi. Wavomera mphete, koma akuti adzandiveka pa chinkhoswe pamaso pa makolo, ataimirira. Wojambula wa ola limodzi wavomeranso, ndilipira ine. Za sitetasi wakana. Akuti pa foni yake pali alimi amene amamupatsa kachewere pa ngongole ndi mabwana a ku Blantyre, akaona zachikondi aziti ndalama zawo akudyera akazi, komanso kwawo amakhulupirira kuti zinthu zisanapse suonetsa anthu. Akuti chinkhoswe chikadutsa adzaika.

Chifundo: Chifukwa cha alimicho chikumveka pang'ono. Koma ine ndikanamuuza aike kamodzi kokha panopa, alimiwo awabisire. Mukuti zimatheka kusankha anthu.

Esnart: Akawabisira alimi, iwe udzati wabisiranso wina. Sizidzatha.

Mayi Nangozo: Tadala, amalume ako a kuchikazi wawauza? Usadikire Ogasiti. Uwauze sabata ino kuti kukubwera alendo, ndipo atume munthu wamkulu ku Tsangano akamve mbiri ya mnyamatayo kwa anthu apadera, monga ndinamufunsira Chifundo. Si kumukayikira, ndi mwambo wake, a kwawonso adzafufuza za iwe.

Tadala: Ndipita Loweruka amayi, amakhala ku Kampepuza. Za sitetasizo mtima sunakhazikike kwenikweni, ndisaname. Mnzanga uja ndamuika pa Snooze, koma m'mawa uno ndinapezeka ndalemba dzina lake pofufuzira kuti ndionenso vidiyo ija. Aphunzitsi, pali njira yoti ndisamathe kuipeza n'komwe popanda kumubuloka? Sindikufuna adziwe, sanandilakwire chilichonse.

Aphunzitsi a ku Bembeke: Popanda kumubuloka, mukamufufuza mumupeza ndithu. Chimene mungachite ndi kuchotsa Facebook pafoni mpaka Loweruka, musiye WhatsApp yokha ya makasitomala. Mukabwerako ku Kampepuza mutiuze zimene amalume anena.